Ndisiye funso kapena ndilote yankho?

Aphunzitsi,

Ndinamaliza Fomu 4 ndipo ndikufuna kukaphunzira za udokotala ku India, choncho ndikukonzekera mayeso a NEET. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kachongedwe kake. Ukakhoza funso amakupatsa malikisi 4, ukalakwa amakuchotsera 1, ukasiya osayankha sapereka kanthu komanso sachotsa. Mkulu wanga akuti funso limene sindikulidziwa bwino ndizilisiya, kuopa kutaya malikisi amene ndawavutikira. Pa mayeso oyeserera ndimasiya mafunso ambiri ndithu. Kodi mkulu wangayu akunena zoona?

Wophunzira wa ku Lilongwe

Zikomo polemba. Akulu anu akukufunirani zabwino, koma pa mayeso amenewa malangizo awo akukutayitsani malikisi. Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone nokha.

Funso lililonse la NEET limakhala ndi mayankho anayi, ndipo lolondola ndi limodzi. Tiyerekeze kuti mwapeza mafunso 20 amene simukudziwapo kalikonse, n'kusankha mayankho mwachisawawa. Popeza mwayi wokhoza ndi umodzi mwa inayi, tingayembekezere kuti mukhoza mafunso 5 n'kulakwa 15. Asanu okhozawo akupatsani malikisi 20, olakwawo akuchotserani 15, ndipo mwatsala ndi phindu la malikisi 5. Mukanawasiya onse mukanapeza 0. Tikagawa malikisi 5 amenewa ndi mafunso 20, funso lililonse lolota likukubweretserani 0.25 pa avereji. Kuwerengera kwake ndi kumeneku basi: mwayi wokhoza kuchulukitsa ndi mphotho, kuchotsapo mwayi wolakwa kuchulukitsa ndi chilango. Yankho likaposa ziro, kulota kuli ndi phindu.

Phindu la 0.25 ndi lochepa, ndipo pamene pali nkhani yaikulu si pamenepo. Kawirikawiri wophunzira amene wawerenga sakhala mbuli yeniyeni pa funso. Amatha kuona kuti yankho limodzi kapena awiri ndi osatheka. Mukachotsa limodzi n'kutsala ndi atatu, pa mafunso 30 otere mukhoza 10 n'kulakwa 20. Ndiye kuti mwapeza 40, mwataya 20, phindu ndi 20. Mukachotsa awiri n'kutsala ndi awiri, pa mafunso 20 mukhoza 10 n'kulakwa 10: mwapeza 40, mwataya 10, phindu ndi 30. Apa funso lililonse likukupatsani malikisi 1.5. Ndikukhulupirira kuti ambiri mwa mafunso amene mumasiya ndi a mtundu umenewu, oti mwatsala ndi mayankho awiri koma mantha akukugwirani dzanja. Pa mayeso a mafunso 180 ndi malikisi 720, pamene anthu amalimbirana malo posiyana malikisi ochepa chabe, kusiya 30 patebulo si chinthu chaching'ono.

Pali njira yachidule yodziwira malire pa mayeso aliwonse. Tengani chilango, muchigawe ndi chiwerengero chimene mwapeza pophatikiza mphotho ndi chilango. Pa NEET ndi 1 kugawa ndi 5. Tanthauzo lake ndi lakuti ngati mwayi wanu wokhoza ukuposa umodzi mwa isanu, yankhani. Umodzi mwa inayi ndi woposa kale umodzi mwa isanu, n'chifukwa chake ngakhale kulota kwachisawawa kumapindula pang'ono.

Musatenge yankho la NEET n'kupita nalo ku mayeso ena. Ku India komweko, pa gawo loyamba la mayeso a UPSC olowera ntchito za boma, mayankho amakhala anayi koma ukalakwa amachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a malikisi a funsolo. Pa mafunso anayi olota, limodzi lokhoza limafafanizidwa ndendende ndi atatu olakwa, phindu n'kukhala ziro. Mayeso a SAT a ku America ankachitanso chimodzimodzi chisanafike chaka cha 2016: mayankho asanu, chilango kota ya malikisi a funso. Anthu okonza mayeso otere anasankha dala chilangocho kuti wolota mwachisawawa asapindule kapena kuluza. Koma ngakhale kumeneko, ukangochotsa yankho limodzi sikelo imapendekera kwa iwe. Komwe kulota kumawononga kwenikweni ndi pa mafunso opanda mayankho osankhapo, oti ulembe wekha nambala, chilango chilipo. Pamenepo mwayi wokhoza mwangozi ndi wochepetsetsa, ndipo kusiya n'kwanzeru.

Tsopano ndinene mbali imene akulu anu ali ndi mfundo. Avereji si lonjezo. Pa mafunso 20 achisawawa aja, mukakhoza 4 okha simupindula kapena kutaya, pakuti 16 kuchotsapo 16 ndi ziro. Mukakhoza 3 mwataya malikisi 5. Masamu ake amasonyeza kuti mwa anthu 100 olota chonchi, pafupifupi 22 amakhoza atatu kapena ocheperapo, ndiye kuti amaluza. Otsalawo sataya kanthu ndipo ambiri a iwo amapindula. Choncho n'zotheka kuchita chinthu choyenera koma tsiku limenelo n'kukugwerani moipa. Komabe taonani kukula kwa ngoziyo: malikisi angapo mwa 720. Ine sindingalangize munthu kusiya phindu lalikulu la mafunso a mayankho awiri aja chifukwa choopa zimenezi.

Ngozi imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi ina. Kuwerengera konseku kwaima pa mfundo yakuti yankho limene mwachotsa ndi lolakwikadi. Mukachotsa lolondola, mwayi wanu wagwera pa ziro ngakhale mumtima mukumva ngati mwatsala pang'ono kukhoza. Ndiponso okonza mafunso sapeka mayankho olakwika mwachisawawa. Amaika dala nambala imene munthu angapeze akaiwala kusintha masentimita kukhala mamita, kapena akasokoneza chizindikiro chochotsera. Wodziwa pang'ono amakopeka ndi msampha wotere kuposa munthu wosadziwa n'komwe, moti pa mafunso ena akhoza kukhoza mochepera umodzi mwa inayi.

Zimenezi simungazidziwe pongodzimva, koma mungaziyeze. Pa mayeso oyeserera otsatira, yankhani mafunso onse, koma ikani kadontho pambali pa funso lililonse limene mukanalisiya, ndipo lembani kuti munatsala ndi mayankho angati. Mukamachonga, werengani amadontho paokha. Okhoza muwachulukitse ndi 4, muchotsepo olakwa. Chitani zimenezi pa mapepala angapo, chifukwa pepala limodzi lingakunamizeni, ndipo muzisiyanitsa fizikisi, kemisitiri ndi bayoloje. Ngati pa mafunso 50 amadontho mwakhoza oposa 10, kulota kukukupindulirani. Ngati pa phunziro lina mukungokhoza ochepa pamene munkaona ngati mwatsala ndi mayankho awiri, vuto lili pa mmene mukuchotsera mayankho, ndipo mitu imeneyo ndi yofunika kuibwereza.

M'chipinda cha mayeso, nthawi nayo ili ndi mtengo. Funso limene mukulidziwa ndi la malikisi 4, lolota mwachisawawa ndi la 0.25, choncho yambani ndi amene mukuwadziwa, kenako a mayankho awiri, ndipo achisawawa muwasiyire mphindi zomaliza osawaganizira nthawi yaitali. Podetsa timabwalo ta papepala la mayankho, detsani kamodzi kokha pa funso, chifukwa kudetsa tiwiri kumawerengedwa ngati kulakwa. Ndipo chaka chimene mukulemba, werengani malamulo a kachongedwe m'chikalata cha bungwe la National Testing Agency lomwe limayendetsa mayesowa. Mphotho kapena chilango zikasintha, muwerengerenso malire anu ndi manambala atsopanowo.

Mphunzitsi wa masamu