Musayambire m'buku la msungichuma

Mpingo ukaona kuti mwamaliza sukulu ndipo masamu sakuvutani, tsiku lina udzakusankhani kuti mufufuze ndalama zake. Mudzapeza msungichuma mmodzi, munthu wamkulu wolemekezeka, amene amawerenga yekha chopereka, kulemba m'buku, kupita kubanki, kugula simenti, ndi kudzawerengera mpingo lipoti. Adzakulandirani bwino n'kukupatsani buku laudongo. Liikeni kaye pambali. Buku lolembedwa ndi munthu mmodzi limagwirizana lokha nthawi zonse, ndipo mukhoza kuliwonkhetsa usiku wonse osapeza kanthu. Ntchito yanu ndi kufunafuna umboni umene iyeyo sanaulembe.

Tsiku loyamba lomwelo, musanatsegule pepala lililonse, pemphani kuti ndalama zimene ali nazo m'manja ziwerengedwe pamaso panu ndi pamaso pa mkulu wa mpingo mmodzi, nonse musayinire. Mukanena kuti mudzawerenga mawa, amene ali ndi dzenje amabwereka usiku n'kulikwirira. Sitetimenti ya kubanki mukaitenge pamodzi ndi mmodzi mwa osayinira akaunti, musalandire fotokope. Ngati ena amatumiza chakhumi pa Airtel Money kapena Mpamba, funsani kuti nambalayo ndi ya ndani. Ikakhala ya msungichuma mwini, ndalama za mpingo ndi za ndiwo zapakhomo zimakhala m'thumba limodzi, ndipo muyenera kufunsa otumizawo kuti akuonetseni mauthenga a m'mafoni awo.

Tiyerekeze mwezi umodzi. Timapepala ta owerenga chopereka tikuti Lamulungu loyamba panapezeka K182,000, lachiwiri K165,500, lachitatu, la Pepa Sande, K240,000, lachinayi K171,500. Zonse pamodzi ndi K759,000. Sitetimenti ikuonetsa kuti kubanki kunalowa K610,000. Yotsala ndi K149,000. Malisiti a zimene anagula ndi ndalama zapamanja, magetsi, mafuta a njinga yamoto ya abusa ndi chipepeso, akukwana K95,000. Ndiye kuti m'manja muyenera kukhala K54,000. Ngati tsiku loyamba lija munawerenga K20,000, ndipo mwezi unayamba m'manja mulibe kanthu, K34,000 ikufunika kuilongosola. Kumene kulibe timapepala totere, fufuzani m'kope la mlembi momwe amalemba zolengeza, kapena makadi a chakhumi amene akhristu amasunga okha.

Koma chimene chimabisala kwambiri si chiwerengero, ndi masiku. Ikani tsiku la chopereka pambali pa tsiku limene ndalamazo zinalowa kubanki. Za Lamulungu loyamba zikalowa Lachiwiri, palibe vuto. Mukaona kuti mu Januwale zinkachedwa masiku awiri, mu Epulo sabata yathunthu, mu Ogasiti milungu itatu, dziwani kuti chopereka cha sabata ino chikulipira ngongole ya sabata yatha. Munthu wotere nthawi zambiri sanayambe ndi mtima wakuba. Anatapa pang'ono kuti alipire fizi kapena agule feteleza, akuti adzabweza akagulitsa mbewu, ndipo dzenje linakula. Pakutha pa chaka buku limaoneka lokwanira, koma masiku a pa sitetimenti sangawasinthe.

Malisiti nawo musawakhulupirire chifukwa ali ndi chidindo. Lisiti ikati matumba 40 a simenti, pitani kwa mmisiri mukamufunse kuti analandira angati. Malata amawerengeka ali padenga. Onaninso buku la macheke: mukapeza cheke chosayinidwa kale ndi wapampando koma chopanda dzina ndi ndalama, ndiye kuti kusayinira kwa anthu awiri pa cheke n'kwa dzina chabe.

Mukapeza chopereweracho, mawu oti "wakuba" asatuluke pakamwa panu, ngakhale kunyumba. Khalani naye pansi pali akulu awiri, munene kuti, "Bambo, apa pali K34,000 imene sitikuiona, tithandizeni." Ndaonapo msungichuma akugwetsa misozi chifukwa ndalamazo anazipereka atalamulidwa pakamwa ndi akuluakulu, tsiku la maliro kapena pobwera alendo, popanda cholemba, ndipo ankaopa kuwatchula. Zikatero, amene analamulayo avomere polemba. Zimandiwawa kuti mipingo yambiri imasenzetsa munthu mmodzi katundu yense kwa zaka, kenako n'kumuchititsa manyazi pagulu yekhayekha.

Lipoti lanu likhale lalifupi: zimene munaona, zimene zagwirizana, ndalama zimene zilibe umboni, ndi yankho la msungichuma m'mawu ake. Pamapeto pake pemphani kuti chopereka aziwerenga anthu atatu osinthana Lamulungu lililonse, kapepala kamodzi kazipita kwa mlembi, ndalama zizilowa kubanki zonse zisanagwiritsidwe ntchito, ndipo sitetimenti mwezi ndi mwezi iziwerengedwa ndi munthu amene sagwira ndalama. Mukapereke lipotilo ku komiti imene inakutumani, msungichuma atayamba waliwerenga.