Masewera a Kulota Malembo m'Phunziro la Cinyanja

Ambiri mwa inu munacitako masewera amene pa Cingerezi amachedwa Hangman. Mphunzitsi amasunga liu mumtima, nalemba pa bolodi timizere tolingana ndi malembo a liulo, ndipo ana amalota lembo limodzilimodzi. Akalasa, lembolo limalembedwa pa malo ake. Akaphonya, amataya mpata umodzi. Masewerawa anakula pamodzi ndi Cingerezi, ndipo amayenda bwino m'cinenero cimeneco. Nditawaona akucitidwa m'Cinyanja monga momwe aliri, pa sukulu ina pamene ndinapita kukayendera ophunzira athu, anatha m'kamphindi kocepa ndipo palibe mwana amene anaphunzirapo kanthu. Colakwa sicinali ca mphunzitsiyo. Cinali ca lembo, limene si njerwa yeniyeni yomangira mau athu.

Tiyambe ndi mavaulo. Liu la Cingerezi lakuti strength liri ndi malembo 8, koma vaulo ndi mmodzi yekha, motero wolota amavutika ndithu. Liu lathu lakuti galimoto nalonso liri ndi malembo 8, koma 4 mwa iwo ndi mavaulo. Mwana wocenjera angochula a, e, i, o, u motsatana: ataya mipata iwiri yokha, pa e ndi pa u, ndipo theka la liu lapezeka popanda kuganiza. Akudziwanso kale kuti kamzere kotsiriza ndi ka vaulo, pakuti mau a Cinyanja amathera ku vaulo.

Bvuto laciwiri ndi lalikulu koposa. Mamvekero athu ambiri amalembedwa ndi malembo awiri kapena atatu: ph, th, kh, ny, ng', nkh, mph ndi ena. Tengani liu lakuti nkhuku. Mukalemba timizere 6, mwana akalota k mudzalemba lembolo pa malo aciwiri ndi acisanu. Pamenepo mwamuuza kuti k wa mu nkhu ndi k wa mu ku ndi cinthu cimodzi, pamene sabata yonse mwakhala mukumuphunzitsa kusiyanitsa pala ndi phala. Nanga kacizindikiro ka pa ng' mudzakapatsa kamzere kakekake? Mukakasiya, ng'oma yoimba isanduka ngoma ya m'chire.

Njira yake ndi kusintha cinthu cimene cikulotedwa. M'malo mwa kamzere ka lembo lirilonse, jambulani kabokosi kamodzi ka phatikizo lirilonse, limene ena amalicha silabe. Nkhuku ikhala ndi timabokosi tiwiri, galimoto tinai. Kenaka lembanitu mavaulo onse m'timabokosimo masewera asanayambe. Musadandaule kuti mwaulula zambiri; mwangocotsa gawo limene silinafune nzeru. Cimene ana adzalota ndi mutu wa phatikizo, ndiko kuti makonsonanti onse otsogolera vaulo, otengedwa ngati cinthu cimodzi. Mitu imeneyi muilembe pa makhadi odula ku katoni, khadi limodzi mutu umodzi, ndi kuwapacika pambali pa bolodi.

Ena amafunsa cifukwa cake ana sangolota phatikizo lathunthu. Ndinayesapo. Mutu uliwonse umabala maphatikizo asanu, ndipo mitu iripo yambirimbiri, motero mwana amangoponya mwala mumdima kufikira atagwa mphwayi. Ngakhale mituyo musaipacike yonse. Makhadi 12 ndi mipata 6 zimakwana kwa ana a Giredi 2.

Nayi nkhani ya masewera amodzi. Liu la mphunzitsi ndi cimanga. Pa bolodi pali timabokosi titatu: koyamba kali ndi i, kaciwiri a, kacitatu a. Makhadi ndi awa: c, m, n, p, t, k, ph, nd, mb, ny, ng, ng'. Onani kuti sanasankhidwe mwacisawawa. Mutu uliwonse wobvuta uli ndi mnzake wofanana nao, ndiponso mau ena angathe kulowa m'timabokosi tomweto, monga cipata, mikanda ndi cipanda.

Mwana woyamba achula p, poganiza za cipata. Waphonya, ndipo khadilo litembenuzidwa. Waciwiri achula c, ndipo kalasi lonse liwerenga mokweza: ci. Wacitatu, amene mwina walidziwa kale liulo, achula n. Apa ndi pamene pali phunziro lenileni. Mphunzitsi anena kuti, “Khadi limeneli tikaliika m'kabokosi tiwerenga na. M'liu langa mulibe na.” Lembo n lirimo ndithu mu cimanga, koma siliima palokha, ndipo mphunzitsi akalilandira cifukwa ca cifundo wabwerera ku masewera a Cingerezi aja. Wacinai achula nd. Mfunseni liu limene akuganiza. Akati cipanda, anzake amukumbutse kuti p anatuluka kale. Wacisanu alasa m, ndipo pa bolodi paoneka ci, ma, ndi kabokosi kotsala. Tsopano manja ali m'mwamba onse. Wina achula ng'. Musafulumire kukana: ikani khadilo m'kabokosi, ana awerenge okha cimang'a. Adzaseka, ndipo kusekako ndi umboni wakuti khutu lamva kusiyana kwake. Pamene ng alowa, mipata yotayika ndi inai, yatsala iwiri.

Lamulo limodzi musalinyozere: mwana achule mvekero kapena phatikizo, osati maina a malembo. Akati “eni, ji” m'bwezeni, anene nga.

Pali mau ena amene amapunthwitsa mphunzitsi mwini pojambula timabokosi. Oyamba ndi okhala ndi phatikizo la vaulo yekha, monga a-na, u-fa ndi ma-u. Kabokosi kotere kamakhala kodzaza kale, motero kajambuleni kopanda malo a khadi, ana asalote cinthu cimene kulibe. Aciwiri ndi oyamba ndi m woima payekha. Mtengo uli ndi maphatikizo atatu, m-te-ngo, cifukwa m ameneyu ndi mu wofupikitsidwa. Pamene diso lingakunyengeni ndi pa mau monga mphika ndi mphuno, amene amayamba ndi malembo ofanana. Yesani kuculukitsa. Mphika upereka miphika, kusonyeza kuti m ndi phatikizo palokha: m-phi-ka, timabokosi titatu. Mphuno zikaculuka zikhalabe mphuno, motero mph ndi mutu umodzi: mphu-no, timabokosi tiwiri. Ine ndimalangiza kuti mau a mtundu wa mphika muwasunge kufikira Giredi 3.

Za kalembedwe, tsatani kathu ka m'Zambia, kamene Unduna wa Maphunziro unabvomereza mu 1977. Ife timalemba c mu cimanga ndi ch mu nchito, pamene anzathu a ku Malawi amalemba ch ndi tch. Mukatenga mau m'buku la kumeneko, yambani mwawatembenuza musanadule makhadi. Dzina la tauni ya Chipata limalembedwa ndi Ch pa zikwangwani, ndipo mwana wa maso adzakufunsani. Muyankheni kuti maina a malo ali ndi kalembedwe kao kokhazikika, ndipo musawalowetse m'masewerawa.

Cithunzi ca munthu wopacikidwa pa mtengo, cimene masewerawa anatengerako dzina, ciribe malo m'kalasi la ana aang'ono. Jambulani mtengo wa mango wokhala ndi zipatso 6, ndipo mufufute cimodzi nthawi iriyonse pamene kalasi laphonya.

Nchito yocita: sankhani mau atatu m'buku lowerenga la Giredi 2, limodzi likhale ndi ng', lina ndi mutu wa malembo atatu. Pa liu lirilonse jambulani timabokosi, lembani makhadi 12, ndipo muchule mau ena awiri amene angalowe m'timabokosi tomweto.