Kuwerenga Chithunzi cha Ndalama Zotumizidwa pa Lamya

Anzanga, ambiri a ife timalandira ndalama za sopo ndi za ulendo kudzera pa lamya ya m'manja, ndipo kawirikawiri wotumizayo amajambula zimene zaoneka pa lamya yake natitumizira chithunzicho. Tsono chithunzi chimangonena zimene zinalipo pa mphindi imene chinajambulidwa. Zinthu zikasintha pambuyo pake, icho sichisintha ayi.

Tiyerekeze kuti amalume atumiza K20,000 ku lamya ya amayi, m'mene munali kale K3,000. Poyamba yang'anani nambala ya wolandira, chiwerengero chimodzichimodzi, pakuti kulakwitsa chimodzi chokha kumapereka ndalamazo kwa mlendo. Onaninso tsiku ndi nthawi, chifukwa chithunzi cha mwezi watha chimafanana ndithu ndi cha lero. Nambala yaitali yotchedwa Transaction ID muilembe m'kope. Ndiyo imene akampani adzafunsa pakakhala dandaulo.

Mukaona mawu akuti Pending, ndiye kuti ndalama zili m'njira. Mwina zachoka kale kwa amalume, koma uthenga wotsimikiza kuti zafika sunabwere, ndipo izi zimaonekaoneka potumiza kuchokera ku banki kupita ku lamya. Apa mpamene ambiri amapupuluma. Amalume akatumizanso kachiwiri, zoyambazo n'kufika madzulo, adzapeza kuti atulutsa K40,000, pamene mwina theka lake linali la feteleza. Nkwabwino kudikira, ndipo zikachedwa afunse akampani potchula nambala ija.

Failed atanthauza kuti zakanika, wolandira sanapate kanthu. Kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti ndalama zinaperewera pophatikiza mtengo wotumizira, kapena netiweki inaduka. Amalume ayambe aona zotsala zawo. Ngati sizinachepe, atumizenso. Ngati zachepa, adikire kuti zibwerere.

Reversed ndiwo mawu onyenga koposa, chifukwa ena amayesa kuti ndalama zikubwera. Iyayi, zabwerera kwa mwini wake. Zimatero kutumiza kukakanika pakati pa njira, kapena wotumiza akadandaula kuti analakwitsa nambala. Motero munthu angathe kukhala ndi chithunzi choona cha m'mawa chosonyeza kuti zonse zinayenda bwino, chikhalirecho ndalamazo zinabwezedwa masana.

Nanga tidziwa bwanji zoona? Amayi afunse zotsala pa lamya yawo yomwe: pa Airtel Money ayimbe *211#, pa Mpamba *444#. Akapeza K23,000, ndalama zafika. Akapeza K3,000 yomwe ija, asalonjeze wa golosale kanthu, ngakhale chithunzicho chikhale chokongola chotani. Uthenga wolembedwa nawonso asaukhulupirire msanga, pakuti akathyali amatumiza wofanana nawo kuchokera pa nambala ya munthu wamba, kenaka n'kuyimba akulira kuti muwabwezere ndalama zimene sanatumize n'komwe.