Malangizo pofanizira chuma cha zigawo: yambani mwafunsa komwe anthu amagona

Makomiti a chitukuko a ku Chileka ndi ku Lirangwe nthawi zina amamva mlendo akunena kuti "inu a ku Blantyre muli pabwino, chuma chanu pa munthu aliyense n'chokwera." Anthu amagwedeza mitu, koma ambiri sadziwa komwe chiwerengerocho chachokera. Malangizo awa ndi a mamembala a makomiti, aphunzitsi ndi alangizi amene amakumana ndi ziwerengero zotere.

1. Dziwani kaye chimene chikuwerengedwa. Akatswiri amaphatikiza mtengo wa katundu yense ndi ntchito zonse zimene zapangidwa m'dera pa chaka, atachotsapo mtengo wa zipangizo zimene zinalowa popanga. Wophika buledi akagulitsa wa K500,000, pamene ufa, shuga ndi magetsi zinadya K350,000, chimene wawonjezera ndi K150,000 yokha. Zowonjezera zoterezi zikaphatikizidwa, amazigawa ndi chiwerengero cha anthu okhala m'deralo. Chimene ofesi ya kalembera ya NSO ku Zomba imalengeza kawirikawiri ndi cha dziko lonse. Choncho wina akakubweretserani cha chigawo kapena cha boma limodzi, mufunseni mwaulemu kuti anachigawa bwanji, ndipo anatsata njira yanji.

2. Gawani ndi anthu a chaka chomwecho. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'dziko muno: pafupifupi 2.3 miliyoni Kumpoto, 7.5 miliyoni Pakati ndi 7.75 miliyoni Kummwera. Chigawo cha Kumpoto chikhoza kupanga zochepa kwambiri pophatikiza, komabe n'kuposa zinzake mukagawa pa munthu, chifukwa ogawana ndi ochepa. Cholakwika chofala ndi kutenga chuma cha chaka chino n'kuchigawa ndi anthu a 2018, ngati kuti kuyambira nthawi imeneyo palibe mwana wabadwa. Zotsatira zake zimatupa.

3. Yang'anitsitsani malire, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Kalembera yemweyo anawerenga Blantyre pawiri: mzinda unali ndi anthu 800,264, ndipo madera akumudzi, komwe kuli Chileka, Lunzu ndi Lirangwe, anali ndi 451,220. Tiyeni tiyesere ndi ndalama zongoyerekeza, osati zochokera ku ofesi iliyonse. Tinene kuti mzinda wapanga K800 biliyoni pa chaka, ndipo kumudzi kwapangidwa K135 biliyoni. Mukagawa, wa mumzinda akupeza pafupifupi K1,000,000, wa kumudzi pafupifupi K300,000. Koma wolemba lipoti akangoti "Blantyre" n'kuphatikiza zonse, K935 biliyoni kugawa ndi anthu 1,251,484, aliyense aoneka ngati ali ndi K747,000. Mayi wa ku Lirangwe walemera kawiri ndi theka papepala, thumba lake la ufa lili chomwecho. Mlendo uja mwina amanena za chiwerengero chophatikizachi.

4. Siyanitsani komwe chuma chapangidwa ndi komwe chikadyedwe. Imani pa siteji ya minibasi ku Chileka kusanache. Muona alonda akutsika pochokera kuntchito, pamene amakaniko, ogulitsa m'masitolo ndi ogwira ntchito m'mafakitale a ku Chirimba ndi ku Makata akukanganirana mipando, ena atanyamula kambale ka nsima yamasana m'jumbo. Thukuta lawo lonse limalembedwa ku mzinda, koma pogawa amawerengedwa kumudzi komwe amagona. Izi zimakweza mzinda n'kutsitsa kumudzi. Pa chitsanzo chathu chija, tinene kuti K40 biliyoni mwa ndalama za mumzinda ndi malipiro a anthu amenewa. Mukaisamutsira komwe eni ake amakhala, mzinda utsika kufika pafupifupi K950,000, kumudzi kukwera kufika pafupifupi K388,000. Kusiyana kumene kunali koposa katatu tsopano sikukufikanso kawiri ndi theka, chonsecho palibe amene wawonjezeredwa tambala.

Zimachitikanso mobwerera. Bwalo la ndege la Chileka lili pakhomo penipeni, ndipo madzi ambiri amene mzinda umamwa amapopedwa mu Shire ku Walker's Ferry n'kudutsa ku Chileka komweko. Ntchito zikuluzikulu zotere zikalembedwa kudera komwe zili, anthu oyandikana nazo amaoneka olemera ndi ndalama zimene sazigwira. Zikalembedwa ku likulu la kampani, dera lenileni limaoneka lopanda kanthu. Shuga wa ku Nchalo akhoza kukweza chiwerengero cha Chikwawa, koma phindu lambiri limapita kwa eni masheya amene sakhala kuchigwako. Fodya wolimidwa ku Kasungu naye amakakonzedwa ku Kanengo, ndiye gawo lina la mtengo wake limagwera Lilongwe. Ndalama zimene achibale amatumiza kuchokera ku Joni sizilowamo n'komwe, ngakhale ndi zimene zafolera nyumba zambiri ndi malata.

5. Funsani mtengo umene anaika pa chimanga cha m'nkhokwe. Chakudya chimene banja lalima n'kudya lokha chimayenera kuwerengedwa, koma poti sichinapite pamsika, mtengo wake amachita kuyerekeza. Matumba 20 omwewo amaoneka otsika mtengo mukawawerengera pa nthawi yokolola, n'kuoneka okwera mtengo mukawawerengera mu Febuluwale, njala ili pachimake. Ganyu, makala otsetsereka panjinga kulowera mumzinda, tomato wa pamsika wa Lunzu, zonsezi zilibe malisiti. Dera limene limadalira zotere chiwerengero chake chimakhala cholendewera kuposa cha dera la mafakitale osunga mabuku. NSO itasintha chaka choyezera kuchoka ku 2010 kupita ku 2017, chuma cha dziko lonse chinapezeka chachikulu kuposa mmene chinkaganiziridwa, mwa zina chifukwa ntchito zimene zinkaphonyedwa zinayamba kuwerengedwa.

6. Musafanizire zaka ziwiri ndi ndalama zosachotsedwa kukwera kwa mitengo. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Chiwerengero cha makwacha chikhoza kukwera pamene matumba akucheperachepera.

7. Kumbukirani kuti kugawa papepala si kugawana. M'mudzi wa anthu 100, mmodzi akapeza K50 miliyoni pa famu ya nkhuku, ndipo 99 enawo K200,000 aliyense, pepala linena kuti aliyense ali ndi pafupifupi K700,000. Palibe munthu m'mudzimo amene ali ndi ndalama imeneyo.

8. Ngati funso lanu ndi la umoyo wa anthu, tengani chida china. Kafukufuku wa m'makomo wa NSO wa 2019 mpaka 2020 anafunsa zimene mabanja amadya ndi kugula, komweko kumene amagona. Anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi osauka, m'matauni pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu, kumudzi oposa theka, ndipo umphawi unali wotsika Kumpoto kuposa Pakati ndi Kummwera, ngakhale mafakitale ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ine ndikamalangiza komiti imene ikulemba pempho la mjigo kapena la chipinda cha sukulu, ndimati agwiritse ntchito ziwerengero za m'makomozi, ndipo paliponse pamene pali dzina la boma lathu alembe momveka kuti "Blantyre kumudzi," n'kuikapo anthu 451,220 aja ndi chaka chimene anawerengedwa.