Akaunti ikatsekedwa, makasitomala ndiwapeza bwanji?

Funso: Ndimagulitsa zitenje pa Facebook. Mnzanga adamubera akaunti, anthu onse omutsatira n'kupita nayo. Ndichite chiyani kuti zisandigwere?

Yankho: Amayi, Facebook siyikupatsani manambala a omwe amakutsatirani, choncho muwatole nokha akaunti ikadali m'manja mwanu.

Yambani ndi ogula, chifukwa mumalankhula nawo kale. Munthu akalipira, mufunseni ngati angakonde kumva katundu watsopano akafika. Akavomera, lembani dzina, nambala, imelo ngati ali nayo, ndi tsiku lomwe wavomera. Lembani m'kope, osangosunga mufoni, poti foni imabedwa.

Chomwe chimapusitsa ambiri ndi broadcast ya WhatsApp. Mndandanda umodzi umalowa anthu 256, koma uthenga umafika kwa okhawo omwe adasunga nambala yanu. Muzimupempha wogula aliyense aisunge. Mukatumiza, wina n'kukhalabe pa chizindikiro chimodzi masiku angapo, mwina sadaisunge, mutumizireni SMS.

Chonde musawaunjike m'gulu osawafunsa. Aliyense amaona nambala za anzake, ndipo akakudandaulani ambiri, WhatsApp ikhoza kutsekanso nambala yanuyo.