KONTIROLA YA SOLA: MUGULE YA PWM KAPENA YA MPPT?

Anthu ambiri m'midzi tsopano ali ndi sola pa denga, ndipo pokagula zipangizo ku sitolo amafunsidwa kuti, "Mufuna kontirola yanji, ya PWM kapena ya MPPT?" Wogulitsa amanena kuti ya MPPT ikolola magetsi ambiri, koma mtengo wake uposa wa inzake kawiri kapena katatu. Tsono mwezi uno tifuna kuona ngati magetsi owonjezerawo alingana ndi ndalama zake.

Kontirola ndi kabokosi kamene kamakhala pakati pa panelo ndi batire. Ntchito yake ndiyo kuletsa batire kudzaza mopyola muyeso, pakuti batire lotere limauma madzi ndi kufa msanga. Mitundu yonse iwiri ichita ntchito imeneyi bwino. Kusiyana kwake kuli pa magetsi amene itulutsa m'panelo batire lisanadzaze.

Choyamba tembenuzani panelo yanu ndi kuwerenga kapepala kamene kali kumbuyo. Pa panelo ya mawati 100 mudzapeza mawu onga awa: Vmp 18V, Imp 5.6A. Tanthauzo lake ndi lakuti panelo ipereka mphamvu yake yonse pamene igwira ntchito pa mavoloti 18 ndi maampu 5.6. Mavoloti ndiwo kukankha kwa magetsi, maampu ndiwo kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, ndipo mukachulukitsa ziwirizi mupeza mawati: 18 × 5.6 ndi pafupifupi 100.

Koma batire la mavoloti 12 likamatchajidwa limakhala pa mavoloti 13.5 kapena pafupi pamenepo. Kontirola ya PWM ingolumikiza panelo ku batire monga switchi, ndipo batire likokera panelo pansi kufika pa mavoloti ake. Maampu sakwera kwenikweni. Chotero mulandira 13.5 × 5.6, ndiwo mawati 76. Mawati 24 otsalawo sanapite kwina kulikonse. Panelo sinaloledwe kuwapanga.

Ya MPPT ichita mwina. Iyo ilola panelo kukhala pa mavoloti 18, ndipo mavoloti opyolawo iwasandutsa maampu. Zifanana ndi magiya a njinga: mphamvu ya mwendo ndi yomweyo, koma giya yoyenera iifikitsa yonse ku gudumu. Kontirolayo idya pang'ono pa ntchitoyi, kotero kuti ku batire kufika mawati 95. Kusiyana ndi 76 ndi mawati 19, gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndi masamu otere amene ogulitsa amadalira akamanena za phindu lalikulu.

Koma taonani chimene sanena. Manambala a pa kapepala aja anayesedwa panelo ili pa madigiri 25. Panelo ya pa denga la malata, masana a mwezi wa Okutobala ku Nsanje kapena ku Salima, imatentha kufika madigiri 60, yosagwirika ndi dzanja. Panelo ikatentha mavoloti ake amatsika, ndipo 18 aja asanduka 15.5. Tsono MPPT itsala ndi zochepa zoti isandutse, ipereka mawati 83 okha. Ya PWM ipitirira kupereka 76 ake aja, pakuti mavoloti amene atayika ndi kutentha ndi omwewo amene iyo sinali kugwiritsa ntchito. Phindu latsika kufika mawati 7. Pa maola 5 a dzuwa lamphamvu, ameneyo ndi magetsi oyatsa babu limodzi la mawati 5 kwa maola 7. Ndi kanthu ndithu, koma ife tiganiza kuti munthu wa panelo imodzi yaing'ono achita bwino kugula PWM yabwino, ndi ndalama zotsala kugulira panelo yachiwiri kapena batire lokulirapo. Anthu a ku Dedza ndi malo ena ozizira adzaona phindu loposa pamenepa m'miyezi ya Juni ndi Julayi.

Kumbukiraninso kuti batire likadzaza, kontirola iliyonse ichepetsa magetsi. Ngati batire lanu lidzaza nthawi ya 11 koloko m'mawa masiku onse, MPPT sidzakuonjezerani kanthu, chifukwa mulibe mosungira.

Nkhani isintha kotheratu ndi mapanelo aakulu aja amene achuluka m'masitolo masiku ano, a mawati 300 kapena kuposa. Anthu awakonda chifukwa wati iliyonse itsika mtengo, koma mapanelo amenewa sanapangidwire batire la mavoloti 12. Tiyerekeze kuti mwini golosale wagula panelo yolembedwa Vmp 32V, Imp 9.4A, nailumikiza ku batire limodzi kudzera pa PWM. Batire likokera panelo kuchoka pa 32 kufika pa 13.5, ndipo iye alandira mawati 130 okha. Walipira panelo yonse, koma akolola zosakwana theka. Usiku wailesi ya kanema izima msanga, ndipo iye ayamba kudandaula kuti anamugulitsa batire loipa, pamene batire lilibe mlandu.

Akaika MPPT pa panelo yomweyo, ngakhale pa dzuwa lotentha alandira mawati 245. Kusiyana ndi mawati 115 nthawi yonse ya dzuwa, ndipo pa maola 5 ameneyo ndi magetsi oyendetsa wailesi ya kanema ya mawati 40 kwa maola 14. Apa palibe chokayikitsa. Ngati Vmp ya panelo yanu ili pa 30 kapena kuposa, ndipo batire ndi la mavoloti 12, gulani MPPT.

Pogula, yang'anani maampu olembedwa pa kontirola. Pa MPPT amenewa ndi maampu opita ku batire, osati ochokera ku panelo. Panelo ija itulutsa 9.4, koma pa tsiku lozizira ku batire kupita 21, chotero kontirola ya 10A siyenera konse. Tengani ya 30A. Onaninso Voc kumbuyo kwa panelo, ndiwo mavoloti ake pamene sinalumikizidwe ku kanthu. Asapyole malire olembedwa pa kontirola, ndipo siyani mpata, chifukwa m'mawa mozizira Voc imakwera. Mukalumikiza mapanelo awiri motsatizana, mavoloti awo aphatikizana. Polumikiza yambani ndi batire, panelo pambuyo.

Chenjerani ndi makontirola olembedwa MPPT pa bokosi pamene m'kati ndi PWM. Alipo ambiri. MPPT yeniyeni ili ndi koyilo ya waya wa kopa m'kati ndi zitsulo zotayira kutentha, chotero ilemera m'manja. Kabokosi kopepuka kapulasitiki, ka mtengo wofanana ndi PWM, kayikirani. Njira yotsimikiza ndiyo ya mita. M'mawa nthawi ya 9 koloko, dzuwa likuwala ndipo batire lisanadzaze, yesani mavoloti pa mawaya a panelo pamene alowa m'kontirola, kenaka yesani pa mawaya a batire. Mukapeza 14 ku panelo ndi 13.5 ku batire, imeneyo ndi PWM, ngakhale bokosi linene zotani. Mukapeza 16 kapena 17 ku panelo yaing'ono, kapena 28 ku yaikulu ija, pamene batire lili pa 13.5, MPPT ikugwira ntchito yake. Musayese masana batire litadzaza, pakuti nthawi imeneyo PWM imadula ndi kulumikiza magetsi mofulumira, ndipo mita idzaonetsa mavoloti okwera ku panelo monga ngati ndi MPPT. Ngati mulibe mita, pemphani wokonza mawailesi wa pa msika abwere nayo, ndipo pogula pangananitu ndi wogulitsa kuti mudzabweza kontirola ikalephera mayesowa.