Uthenga wa malipiro: mzere uliwonse ukutanthauzanji?

Funso: Ndimagulitsa mpunga pamsika wa Golomoti. Ogula ena amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba n'kundionetsa foni yawo. Kodi ndiziyang'ana chiyani?

Yankho: Mayi, tiyerekeze kuti wogula akulipira K25,000. Asanalembe nambala yachinsinsi, foni imamuonetsa ndalamazo ndi nambala yolandira, kawirikawiri ndi dzina lomwe. Akuwerengereni mokweza, chifukwa apa ndalama zisanachoke, cholakwika chimakonzeka mosavuta.

Akatsimikiza, nonse mumalandira uthenga. Wake umanena ndalama zotumizidwa, wanu umanena zolandiridwa ndi amene watumiza. Mtengo wotumizira amalipira iyeyo, choncho kwa inu zifike K25,000 zathunthu. Tsiku likhale la lero, osati ladzulo.

Pali mzere wa zilembo zosakaniza ndi manambala. Imeneyo ndi nambala ya malipirowo, ndipo kampani imaifunsa pakabuka mkangano. Ilembeni m'kope.

Mzere wa ndalama zotsala mu uthenga wanu ndiwo umboni wanu. Ngati munali ndi K10,000, uonetse K35,000. Uthenga wochokera ku nambala ya munthu wamba ndi wabodza. Mukakayika, dzionereni nokha pa *211# kapena *444# musanapereke mpunga.